Sikelo ikuti makilo 48, invoisi ikuti 96: enawo achokera kuti?

Mayi a Tadala: Odi pagulu pano. Amene mumaitanitsa katundu pa ndege ndithandizeni maganizo, mutu wanga sukugwira. Ndagula zikwama za amayi ku Guangzhou, makatoni anayi. Wogulitsa ananditumizira chithunzi katoni iliyonse ili pasikelo, makilo 12, ndiye onse pamodzi 48. Ejenti anandiuza kuti mpaka ku Lilongwe ndi $9 pa kilo, ine n'kukonzeratu $432. Lero invoisi yabwera ikuti makilo 96, ndipereke $864. Makilo enawo achokera kuti? Kapena andiphatikizira katundu wa munthu wina?

Kondwani wa ku Limbe: Mayi, akudyerani masuku pamutu amenewo. 48 kuwirikiza kawiri ndi 96 ndendende. Angowirikiza basi poona kuti muli kutali simungabwere kudzayeza nokha.

Yamikani ku Joni: A Kondwani musafulumire. Imeneyo ndi nkhani ya voliyumu. Katundu akakhala wamkulu koma wopepuka amamuyeza ndi tepi, kenako amaphatikiza makilo a pasikelo ndi makilo a tepi. Ndiye 48 ya sikelo ndi 48 ya tepi, 96.

Bambo Chirwa: Mwaswera bwanji nonse. Achimwene a Yamikani, za tepizo mwalondola, koma zophatikizazo ayi. Makilo awiriwa saphatikizidwa. Amawaika pambali, n'kuona amene ali ambiri, amenewo ndiwo mumalipira. Zoti 96 ndi 48 kawiri zangochitika mwangozi. Mayi a Tadala, pachithunzi kapena papepala la katundu pali miyeso ya katoni? Manambala atatu, mulitali, mulifupi ndi msinkhu.

Mayi a Tadala: Eya bambo, pambali pa katoni alemba 60x50x40.

Bambo Chirwa: Zikomo. Amenewo ndi masentimita. Tiwerengere limodzi kuti mawa muzitha nokha. Mumachulukitsa manambala atatuwo, zimene mwapeza mugawe ndi 6000:

```
60 x 50 x 40 = 120000
120000 / 6000 = 20
```

Ndiye katoni yanu ngakhale pasikelo ili ndi makilo 12, malo amene yatenga m'ndege ndi a katundu wa makilo 20. Makatoni anayi ndi 80. Tsopano 48 ndi 80, wamkulu ndi 80. Kwa kampani ya ndege katundu wanu ndi wa makilo 80. Mukaona pepala la ndege lija timati eyawebilu, pamakhala mabokosi awiri oyandikana. Lina lalembedwa `Gross Weight`, mmenemo mukhala 48. Linalo `Chargeable Weight`, mmenemo mukhala 80, ndipo ndalama zimawerengedwa kuchokera pa lachiwirili.

Chifukwa chake n'choti ndege imadzaza pawiri. Ili ndi malire a kulemera kumene inganyamuke nako, komanso ili ndi malire a malo kunsi kumene kumalowa katundu. Katundu wambiri wobwera kuno amakwera kunsi kwa ndege za anthu, kulimbirana malo ndi masutikesi. Ganizirani kondakitala wa minibasi ya ku Area 25 mutamubweretsera matilesi. Sakufunsani kulemera kwake, amangowerenga mipando imene matilesiyo yatseka. 6000 ija ndi muyeso umene makampani a ndege amagwiritsa ntchito pansi pa bungwe lawo la IATA: masentimita 6000 a voliyumu amatengedwa ngati kilo imodzi.

Mayi a Tadala: Zayamba kumveka bambo, ngakhale zikuwawa. Koma inu mwapeza 80. Invoisi ikuti 96. Pakadali makilo 16 amene sindikuwaona.

Kondwani wa ku Limbe: Mwaonatu. Si ndinanena ine? 16 imeneyo ndi ya fanta ya ejenti.

Bambo Chirwa: Tayesani kugawa 120000 ija ndi 5000 m'malo mwa 6000. Mupeza 24. Makatoni anayi, 96. Ejenti wanu akugawa ndi 5000. Nambala imeneyi ndi ya makampani otumiza mapaselo mwachangu mpaka pakhomo, monga DHL, FedEx ndi UPS. Maejenti ena ophatikiza katundu wa anthu ambiri anaitengera komweko. Palibe lamulo lowaletsa, bola akuuzeni musanapereke katundu. Pa mtengo wanu wa $9, kusiyana kwa manambala awiriwa ndi $144.

Yamikani ku Joni: Ine zaka zonsezi ndimadziwa 5000 yomweyo, ndimaona ngati ndi ya dziko lonse. Ndimatumiza zinthu kumudzi kuchokera kuno, 6000 sindinaimvepo.

Bambo Chirwa: Chifukwa inu mumatumiza mapaselo, achimwene. Mutapita ndi katundu ku mbali ya kago pa bwalo la O. R. Tambo kudzera mwa ejenti wa ndege, mukamva 6000. Ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwa posankha ejenti. Amangofunsa kuti pa kilo ndi zingati, n'kuthamangira wotchipa. Titenge katundu yemweyu wa Mayi a Tadala. Ejenti woyamba akuti $9 koma amagawa ndi 5000, ndiye 96 kuchulukitsa ndi 9, $864. Wachiwiri akuti $10, akuoneka wodula, koma amagawa ndi 6000, ndiye 80 kuchulukitsa ndi 10, $800. Wodulayo ndi amene watchipa. Koma akanakhala katundu wolemera ngati maloko kapena zitsulo za galimoto, amene sikelo imaposa tepi, wa $9 uja akanapambana, chifukwa kugawako sikukanagwira ntchito n'komwe. Mtengo wa pa kilo pawokha sukuuzani kanthu musanadziwe nambala yogawira.

Anti Grace ku Leeds: Pepani ndalowa mochedwa. Ndiye mukutanthauza kuti sutikesi yanga ya makilo 23 ndikamabwera pa Khirisimasi akandiyezanso ndi tepi? Chifukwa ndadzazamo majekete a ana, ndi yotupa zedi. Ndikwera Ethiopian kudzera ku Addis.

Bambo Chirwa: Ayi anti, inu mtima pansi. Sutikesi yoyenda ndi mwini wake ili ndi malamulo ena. Kumeneko amaona makilo a pa tikiti yanu, ndipo kukula kwake amangophatikiza mbali zitatu kuti zisapitirire malire, kawirikawiri masentimita 158. Palibe zogawa ndi 6000. Koma majekete omwewo mukawatumiza paokha ngati kago, mukumana nazo zimene tikukambazi, ndipo majekete ndi mabulangeti ndiwo amalira kwambiri pa tepi.

Anti Grace ku Leeds: Chabwino, ndiye ayenda ndi ine basi.

NaPhiri wa Nsapato: Ine ndiikepo yanga. Chaka chatha ndinaitanitsa nsapato za ana, ndipo wogulitsa anandipatsa miyeso ngati yomweyi ya 60x50x40. Ndinawerengera bwinobwino ndi 6000, ejenti wanganso ndi wa 6000, koma invoisi inabwera yokwera ndithu. Nditafunsa anandionetsa chithunzi cha tepi ili pa katoni. Makatoni aja anali atatupa pamimba chifukwa anawapanikiza katundu, kenako anawakulunga m'thumba lobiriwira lija n'kumata tepi yomatira mbali zonse. Manambala olembedwa pa katoni ndi a katoni yopanda kanthu. Iwo amayeza imene ili pamaso pawo.

Bambo Chirwa: Achemwali mwakhudza penipeni. Poyeza amatenga pamene patalika kwambiri, pamene patambalala kwambiri, ndi pamene pakwera kwambiri. Chogwirira chikatuluka, mimba ikatupa, ngodya ikapindika n'kutulukira kunja, zonsezo zimawerengedwa ngati katoni yonse ndi yaikulu choncho. Anthu amaderera masentimita awiri kapena atatu, koma kumbukirani kuti manambalawa amachulukitsana. Katoni ya 60x50x40 ikatupa n'kufika 63x52x42, voliyumu yake ndi 137592, kugawa ndi 6000 ikungotsala pang'ono kukwana makilo 23. Makatoni anayi otero ndi 91.7, ndipo ndege imakweza nambala kufika pa theka la kilo lotsatira, ndiye 92. Makilo 12 obadwa kuchokera pa kutupa kokha, m'katonimo simunalowe nsapato ina ngakhale imodzi.

N'chifukwa chake ine ndimauza makasitomala kuti chithunzi cha sikelo chokha sichikwanira. Pemphani chithunzi cha tepi mbali zonse zitatu, katundu atamangidwa kale ku weyahausi ya ejenti, osati ku shopu.

Mayi a Tadala: Nanga ndikanadziwa bwanji ndisanagule kuti zikwama zidzandichita chonchi? Pali njira yoonera msanga?

Bambo Chirwa: Ilipo, ndipo ndi yachidule. Funsani wogulitsa miyeso ya katoni ndi kulemera kwake musanalipire. Gawani monga tachitira. Katoni ya 60x50x40 iyenera kulemera makilo 20 kapena kuposa kuti sikelo ipambane, 24 ngati ejenti ndi wa 5000. Ikapepuka kuposa pamenepo, dziwani kuti mukulipirira mpweya. Ogulitsa ambiri ku China amalemba voliyumu pa mndandanda wa katundu ngati `CBM`, kutanthauza makiyubiki mita. Mukaiona, ichulukitseni ndi 167, kapena ndi 200 kwa a 5000. Makatoni anu ndi 0.48, kuchulukitsa ndi 167 mupeza 80 yomwe ija.

Yamikani ku Joni: CBM si ya pa sitima ya pamadzi imeneyo? Ine ndimaimva kwa anthu a makontena odzera ku Beira.

Bambo Chirwa: Ndi muyeso womwewo wa malo, kungoti pa sitima imodzi amaiyerekeza ndi makilo 1000, pa ndege 167. N'chifukwa chake katundu wotupa ngati mapilo, zidole ndi mabeseni apulasitiki amayenera pamadzi. Pa ndege mungagulitse mbuzi.

NaPhiri wa Nsapato: Mayi a Tadala, zikwama zimabwera atazidzaza mapepala mkati kuti zisaphwanyike. Mapepala amenewo ndi amene mwalipirira. Ine nsapato ndimawauza achotse mabokosi onse, azimange ziwiriziwiri m'mapulasitiki, mabokosiwo awaphwasule awagoneke pansi pa katoni. Makatoni asanu amasanduka atatu. Inunso auzeni achotse mapepala, zikwama zazing'ono azilowetse m'zikuluzikulu. Makatoni anayi akatsika kufika atatu, kwa ejenti wanu wa 5000 ndi makilo 72 m'malo mwa 96.

Mayi a Tadala: Koma achemwali, chikwama chikapindika sichibwereranso. Makasitomala anga a m'maofesi akaona mzere pachikopa amayamba kunenerera mtengo, ena amangochisiya. Ndingapulumutse $216 pa ndege n'kuluza yoposa pamenepo pa shelefu.

NaPhiri wa Nsapato: Zimatengera mtundu wake. Zofewa zija zimadzuka mukazidzazanso nyuzipepala masiku angapo. Zolimba zokhala ngati bokosi ndiye ndikuvomereza, musazikhudze.

Bambo Chirwa: Ngati simukufuna kuzifinya, itembenuzeni nkhaniyo. Malowo mwalipira kale, ndiye adzazeni. Mukulipira makilo 96 koma mwanyamula 48 okha. M'malo mwa mapepala, m'mimba mwa zikwamamo mungalowe katundu wina wogulitsa amene ndi wamng'ono koma wolemera: malamba, ndolo ndi mikanda, mazipi, timaloko. Bola katoni isatupe ndipo kulemera kusapitirire makilo a tepi, katundu ameneyo wakwera ulere. Chenjezo langa ndi limodzi: zonse zilembedwe pa invoisi ya katundu, chifukwa a MRA akatsegula pa KIA n'kupeza zinthu zosalembedwa m'kati mwa zikwama, adzati mumabisa. Komanso musaikemo mabatire, mapawabanki kapena perefyumu. Zimenezo pa ndege zili m'gulu la katundu woopsa, zili ndi malamulo ndi mitengo yakeyake, ndipo zikapezeka pa makina katundu yense amatsala.

Palinso funso lina lofunika kumufunsa ejenti: amawerenga katoni iliyonse payokha, kapena katundu yense pamodzi? Tinene kuti pa makatoni anu anayi mwaonjezera kakatoni ka maloko, 30x30x20, kolemera makilo 25. Pa tepi ndi makilo 3 okha. Kampani ya ndege imaphatikiza sikelo yonse, 48 ndi 25, kukhala 73. Imaphatikizanso tepi yonse, 80 ndi 3, kukhala 83. Mulipira 83, kutanthauza kuti maloko a makilo 25 akuonjezerani makilo 3 okha. Koma woona katoni iliyonse payokha atenga 80 ya zikwama, aonjezere 25 ya maloko, 105. Katundu yemweyo, tsiku lomwelo.

Kondwani wa ku Limbe: Dikirani kaye a Chirwa. Ngati ndege imaphatikiza chonchi, ndiye ejenti amene watenga zikwama za mayiwa n'kuziphatikiza ndi zitsulo zanga pa eyawebilu imodzi, iyeyo amalipira zingati ku ndege?

Bambo Chirwa: Funso labwino, ndipo yankho lake silikusangalatsani. Tinene kuti zitsulo zanu ndi makilo 150 pasikelo, 40 pa tepi. Inu akulipiritsani 150. Mayi a Tadala awalipiritsa 80, titenge wa 6000. Watolera ndalama za makilo 230. Ku ndege katundu yense ndi 198 pasikelo, 120 pa tepi, ndiye iye alipira 198. Makilo 32 atsala m'thumba mwake. Ndipo poti wasonkhanitsa katundu wambiri, amagulanso kilo pa mtengo wotsika kuposa umene inu mungapeze nokha.

Kondwani wa ku Limbe: Basi, ndiye kuba kuja ndimanenaku. Kungoti ndi kuba kwa masamu.

Bambo Chirwa: Ine sindikutcha kuba, ngakhale mudzati ndikuikira kumbuyo anzanga a ntchito. Phindu la wophatikiza katundu limachokera pomwepo. Ndi limene limalipira weyahausi ku Guangzhou, anyamata omanga katundu, ndi masabata amene walandira zotupa zokhazokha popanda chitsulo choti aphatikize. Akanati azikulipiritsani ndendende zimene ndege yamulipiritsa, mtengo wa pa kilo ukanakwera. Chimene ndimadana nacho ndi kubisa nambala yogawira mpaka katundu atanyamuka.

Kondwani wa ku Limbe: Nanga wa 5000 uja? Iye ku ndege akugawa ndi 6000, kwa mayiwa akugawa ndi 5000, kenako akudyanso pophatikiza. Akudya kawiri ameneyo. Pamenepo simundigonjetsa.

NaPhiri wa Nsapato: Apa ndili mbali ya a Kondwani pang'ono.

Che Jafali ku Mangochi: Salaam nonse. Ine ndimangowerenga, koma ndili ndi langa. Ndinafunsa mtengo wa zipangizo za injini ya boti kuchokera ku Dubai kudzera kwa ejenti wa kago weniweni, osati ophatikiza. Anandipatsa pepala lokhala ndi mitengo yambirimbiri, pena alemba `M`, pena `N`, kenako `+45`, `+100`, `+300`. Katundu wanga ndi makilo 92 koma pa kotesheni alemba 100. Amenewanso ndi a tepi?

Bambo Chirwa: Ayi Che Jafali, zanuzo ndi zitsulo, tepi siingapose sikelo. Apo ejenti wakuchitirani zabwino. Mitengo ya ndege imatsika katundu akamachuluka. `M` ndi ndalama yochepetsetsa imene mungalipire ngakhale mutatumiza kabawuti kamodzi. `N` ndi mtengo wa pa kilo wa katundu wosafika makilo 45, ndipo ndiwo wodula kwambiri. `+45` ndi wa kuyambira 45, `+100` kuyambira 100, choncho mpaka `+500` ndi `+1000`. Tandiuzeni manambala ali pa `+45` ndi `+100`.

Che Jafali ku Mangochi: Pa `+45` alemba 6.00, pa `+100` alemba 5.20, madola.

Bambo Chirwa: Ndiye onani. Makilo anu 92 pa $6 ndi $552. Koma makilo 100 pa $5.20 ndi $520. Kulipira makilo 8 amene kulibe kwakutchipirani ndi $32. Malamulo a mitengo ya ndege amalola zimenezi, kuti ngati gulu lapamwamba likutuluka lotchipa, katundu awerengedwe pamenepo. Pa mitengo yanuyi malire ali pa makilo 87. Gawani 520 ndi 6 muona. Kuyambira 87 mpaka 99 ndi bwino kungolipira 100. Ndipo poti mwalipira kale, ngati pali kena kolemera makilo 8 kamene mumafuna ku Dubai, kaikeni.

Koma musathamangire kunena kuti $520 ndiyo yonse. Yang'anani m'munsi mwa kotesheniyo. Pamakhala ndalama ya mafuta a ndege, ya chitetezo, ya eyawebilu, ndi ya onyamula katundu pabwalo. Ya mafuta ndi ya chitetezo zimakhalanso pa kilo, ndipo makampani amasiyana: ena amaziwerengera pa makilo a sikelo, ena pa makilo olipiritsa. Ngati anu akuwerengera pa 100 osati pa 92, $32 ija ichepako. Mufunse.

Che Jafali ku Mangochi: Zilipodi m'munsimu, alemba `FSC` ya mafuta ndi `SSC` ya chitetezo, koma sanalembe kuti ndi pa makilo ati. Ndiwaimbira mawa.

Yamikani ku Joni: Nanga bwanji Mayi a Tadala sanawauze za `+45` ndi `+100`? 96 ili pafupi ndi 100 kuposa 92.

Bambo Chirwa: Ophatikiza katundu ambiri amapereka mtengo umodzi wa zonse pamodzi, mafuta ndi chitetezo zili momwemo, ena mpaka kuombola katundu. Magulu a makilowo amakhala pakati pa iwo ndi ndege. Komabe kufunsa sikulakwa. Ena ali ndi mtengo wina munthu akafika 100.

Mayi a Tadala: Ndalankhula naye ejenti uja. Wavomera kuti ndi 5000, akuti zinalembedwa pa uthenga umene amatumiza kwa makasitomala atsopano, m'munsi mwenimweni. Za 100 akuti mtengo umatsika kuyambira 150. Katundu akadali ku weyahausi, ndege yake ndi ya Lachisanu. Akuti angathe kumasula n'kumanganso koma ndilipire anyamata, ndipo zikwama zikapindika iye sizikumukhudza.

NaPhiri wa Nsapato: Auzeni atsegule katoni imodzi yokha akujambulireni vidiyo. Muone kuti mapepala ndi ochuluka bwanji komanso zofewa ndi zingati. Mwina zofewa zokhazo zikhoza kuchotsa katoni imodzi, zolimba osazikhudza.

Bambo Chirwa: Ndipo akamanganso agwiritse makatoni okwana bwino, asasiye katoni yachinayi ili theka. Katoni ya theka imalipira ngati yodzaza. Ngati yatsala theka, aidule msinkhu ndi mpeni aipinde. Funsaninso ngati $9 yanu ikuphatikiza msonkho. Ngati sikuphatikiza, dziwani kuti mtengo umene a kasitomu amawerengerapo msonkho umakhala ndi ndalama ya mayendedwe momwemo, ndiye ya ndege ikakwera, msonkhonso umakwera nawo.

Kondwani wa ku Limbe: Ine ndikanangosamutsa katunduyo kupita kwa ejenti wa 6000.

NaPhiri wa Nsapato: Kusamutsako n'kwaulere ngati? Galimoto ya mu Guangzhou mulipira, weyahausi yoyambayo mwina ikulipiritsani posungira, ndipo ndege ya Lachisanu ikusiyani. Mayi, zikwamazo mukuzifuna liti?

Mayi a Tadala: Mwezi usanathe, anthu akalandira. Ndamuuza ajambule vidiyo ya katoni yachiwiri, ndi imene muli zofewa zambiri. Kwawoko kwada kale, akuti mawa m'mawa.